Kane akabwerera m'mbuyo, Son ali paliwiro

Pa 20 Seputembala 2020, Tottenham inachapa Southampton 5-2 pa bwalo la St Mary's mu ligi yaikulu ya ku Mangalande. Son Heung-min anamwetsa zigoli zinayi, ndipo mipira yonse inayi anampatsira ndi munthu mmodzi, Harry Kane. Kane ndiye ankavala nambala 10 ndipo ndiye ankayembekezeka kudikira mipira pafupi ndi golo, koma tsikulo ankangotsika kudzalandira mpira chapakati pa bwalo. Kutsika kumeneko ndiko kunaphwasula Southampton.

Mphunzitsi wa Southampton, Ralph Hasenhüttl, ankafuna kuti otchinga kumbuyo ake aziima kutali ndi golo lawo, pafupi ndi mzere wapakati, kuti timu yonse izipanikiza adani. Kaseweredwe kotere kamadalira chinthu chimodzi: otchinga anayi aja akhale mumzere wowongoka, aliyense wodutsa msanga agwe mu ofusayidi. M'chigawo choyamba zinkayenda ndithu. Zigoli ziwiri za Kane zinakanidwa chifukwa cha ofusayidi, ndipo Danny Ings anatsogoza Southampton.

Vuto limabwera wosewera kutsogolo akachoka pamalo pake. Wotchinga wapakati, monga Jack Stephens kapena Jan Bednarek tsiku limenelo, amakhala ndi kamphindi kochepa kwambiri kosankha chochita. Akamutsatira Kane, amasiya mpata pamene anaima, ndipo mzere uja umaduka. Mnzake amakakamizika kusendera kuti atseke mpatawo, ndiye kuti kumbali kwatsegukanso. Akapanda kumutsatira, Kane amalandira mpira popanda womusokoneza, n'kutembenuka, n'kudzutsa mutu. Munthu wodziwa kupatsira ngati iyeyo ukamulola kuyang'ana kutsogolo, kumbuyo kwako kuli bwalo lalikulu lopanda munthu kupatula goloboyi, basi wadziputira.

Koipitsitsa ndi kukayikakayika. Wotchinga amapita patsogolo masitepe awiri kapena atatu, osamufika Kane, koma atachoka kale pamzere. Thupi lake limakhala likupita kutsogolo pamene Son akuthamangira kumbuyo kwake. Kuti aime, atembenuke, ayambe liwiro, mnzakeyo ali kale kutali. N'chifukwa chake ngakhale wotchinga wothamanga amaoneka ngati wolemera miyendo pa mipira yotere.

Koma mpata wokha sumwetsa chigoli. Wothamangayo ayenera kudziwa nthawi yonyamukira. Lamulo la ofusayidi limayang'ana pamene munthu ali panthawi imene mnzake akumenya mpira, osati pamene waulandirira, ndipo amene ali m'dera la timu yake sagwidwa ofusayidi. Son ankayambira chakumbali, kuseri kwa phewa la wotchinga, kumene wotchingayo sangaone mpira ndi munthu nthawi imodzi. Ankadikira kuti Kane augwire bwino mpira, kenako n'kudula chopingasa kulowa pakati. Akanafulumira pang'ono, mbendera ikanakwera. Akanachedwa, mpata ukanatsekeka.

Chigoli chachitatu chikuonetsa zonsezi poyera. Kane analandira mpira kutali ndi golo, otchinga a Southampton ali pamwamba monga mwa masiku onse, ndipo anaudutsitsa pamwamba pa mitu yawo. Son anatsala yekha ndi goloboyi Alex McCarthy. Chodabwitsa n'chakuti apa n'kuti Southampton itapwetekedwa kale kawiri mwa njira yofananayo, koma sinabweze mzere wake m'mbuyo. Kumeneko sikunali kulimba mtima, kunali kuumirira pa chinthu chimene chasiya kugwira ntchito.

Njira yotchingira ilipo, ndipo matimu ena anaigwiritsa ntchito polimbana ndi Tottenham ya José Mourinho. Wosewera pakati amene amakhala kutsogolo kwa otchinga ndiye amatenga Kane akatsika, kuti otchingawo asasunthe. Kapenanso timu yonse imabwerera pafupi ndi golo lake, kumbuyo kusakhale bwalo loti munthu athamangiremo. Zikatero, kutsika kwa womwetsa zigoli kumasanduka chitayiko, chifukwa mipira yochokera kumbali imafika pagolo popanda woimalizitsa.

Woonera pa kanema angathe kudziwa ngati chigoli chili pafupi posiya kaye kutsata mpira n'kuyang'ana otchinga awiri apakati. Mmodzi akakhala patsogolo pa mnzake, ndipo amene ali ndi mpira palibe akumupanikiza, mpira wodutsa kumbuyo ukubwera. Mu nyengo ya 2020/21, Kane ndi Son anapatsirana zigoli 14 mu ligi, kuposa 13 zimene Alan Shearer ndi Chris Sutton anapatsirana ku Blackburn Rovers mu 1994/95.