Lonjezo la pakomiti ya ukwati silipira holo

Pamsonkhano woyamba wa komiti ya ukwati, manja amakwera mosavuta. Malume alonjeza K200,000, mnzake wa mkwati wa kuntchito K50,000, azakhali matumba awiri a mpunga. Mlembi awonkhetsa, apeza K2,400,000, anthu n'kuwomba m'manja. Vuto limayamba pamene wapampando atenga nambala imeneyi ngati ndalama yomwe ili m'manja, n'kuyamba kugwirizana mitengo ndi mwini holo, wokongoletsa ndi wophika.

Chomwe chimateteza komiti ndi pepala limodzi logawidwa bwino, kaya m'kope kaya pakompyuta. Munthu aliyense akhale ndi mzere wake, ndipo kutsogolo kwa dzina lake kukhale magawo atatu: zomwe analonjeza, zomwe wapereka, ndi zotsala. Gawo lachitatu silongolemba kuchokera m'mutu. Limapezeka pochotsa zomwe wapereka pa zomwe analonjeza.

Tiyerekeze ndi malume aja. Mwezi woyamba abweretsa K80,000 pamanja, mwezi wotsatira atumiza K50,000 pa Airtel Money. Zonse pamodzi ndi K130,000, ndipo zotsala ndi K70,000. Alembi ambiri amafufuta 80,000 n'kulemba 130,000 pamalo pomwepo. Tsiku lomwe malume adzanene kuti "inetu ndinapereka katatu", palibe chowaonetsa. N'chifukwa chake pamafunika tsamba lachiwiri, pomwe ndalama iliyonse yolowa imalembedwa payokha: tsiku, dzina, kuchuluka kwake, njira yomwe yabwerera ndi amene wailandira. Tsamba loyamba limangotenga zowonkhetsa kuchokera pa lachiwirili.

Ndalama za pafoni zili ndi msampha wake. Uthenga wa Airtel Money kapena TNM Mpamba umaonetsa dzina la mwini nambala yomwe yatumiza, ndipo nthawi zina ameneyo amakhala mwana wa wolonjezayo kapena ejenti wa pamsika. Msungichuma akapanda kufunsa tsiku lomwelo, ndalamayo imasowa mwini, pomwe woperekayo akuonekabe ngati sanapereke. Lembani nambala ya uthengawo pambali pa dzina la wolonjeza weniweni. Ndalama yomwe imadulidwa potapa kwa ejenti ilembedwe ngati yomwe komiti yagwiritsa ntchito, osati kuichotsa pa chopereka cha munthu. Amene watumiza K50,000 wapereka K50,000.

Nanga mpunga wa azakhali? Ulembedwe ngati mpunga, matumba awiri, pagawo la katundu. Akabweretsa thumba limodzi, chotsala ndi thumba limodzi. Kuusandutsa ndalama n'kuuphatikiza ndi zopereka zina kumachititsa kuti pepala lionetse ndalama zomwe msungichuma alibe, ndipo iye ndi amene amadzatchedwa wakuba.

Palinso cholakwika china chobisika kwambiri. Mnzake wa mkwati uja analonjeza K50,000 koma mtima wamukoma, wapereka K70,000. Mlembi akangochotsa zopereka zonse pa malonjezo onse, K20,000 yowonjezerayo imaphimba ngongole ya munthu wina, ndipo zotsala zimaoneka zochepa kuposa mmene zilili. Pamzere wake lembani kuti palibe chotsala, ndipo K20,000 ija ikhale pagawo lakelake la zowonjezera. Zotsala za komiti yonse zipezedwe powonkhetsa mzere ndi mzere.

Kuti mudziwe ngati pepala lili bwino, pamsonkhano uliwonse chitani chinthu chimodzi anthu onse akuona. Wonkhetsani zonse zomwe zalowa, chotsani zomwe zagwiritsidwa ntchito malinga ndi malisiti, kenako yerekezani yankho ndi ndalama zomwe zilipodi, za pamanja, za pafoni ndi za kubanki. Ngati zalowa K1,350,000 ndipo K600,000 yapita ku holo ndi keke, msungichuma aonetse K750,000. Ikapelewera ngakhale ndi K5,000, fufuzani tsiku lomwelo, anthu akadakumbukira. N'chifukwa chakenso wolemba ndi wosunga ndalama asakhale munthu mmodzi.

Ine ndimaona kuti gawo la zotsala siloyenera kuwerengedwa mokweza ndi maina pamsonkhano. Wina analonjeza asanachotsedwe ntchito, wina maliro amugwera pakati pa ulendo. Muimbireni payekha, ndipo akanena kuti akwanitsa theka lokha, tsitsani lonjezo lake papepala, mulembe tsiku lomwe mwasintha. Nambala yaing'ono yoona imathandiza komiti kuposa yaikulu yomwe sidzabwera.

Ikani tsiku lotsekera malonjezo, mwina masabata atatu ukwati usanachitike. Likadutsa tsikulo, bajeti itsatire gawo la zomwe zaperekedwa basi. Ngati lili pa K1,350,000, konzani ukwati wa K1,350,000, ndipo musatenge ngongole podalira zotsala kapena ndalama za perekaniperekani zomwe simunazione.