Kuchonga masilaidi mwini wake asanayankhule

M'makoleji ndi m'mayunivesite, wophunzira amapatsidwa mutu woti akaufotokoze pamaso pa anzake uku akuonetsa masilaidi pa pulojekita. Koma nthawi zina mphunzitsi amalandira masilaidi okhawo, pa imelo kapena pa Moodle, ndipo amayenera kupereka ndemanga asanamve mwini wake akuyankhula. Zikatere lamulo ndi limodzi: mphunzitsi achonge zimene akuziona, osati zimene akuganiza kuti wophunzirayo akanena.

Chomuthandiza kutero ndi rubuliki. Ili ndi tebulo limene wophunzira amapatsidwa pamodzi ndi ntchitoyo. Limatchula zinthu zimene zidzachongedwe, malikisi a chilichonse, komanso mmene ntchito yabwino, yapakati ndi yofooka imaonekera.

Tiyerekeze kuti wophunzira watumiza masilaidi 10 a mutu wa kuotcha makala ndi kutha kwa mitengo. Rubuliki ili ndi malikisi 20: mfundo ndi umboni 8, kasanjidwe ka mfundo 4, maonekedwe a masilaidi 4, kayankhulidwe 4.

Mphunzitsi ayambe wapatula zimene masilaidi sangamuonetse. Kukweza mawu, kuyang'ana omvera, kusunga nthawi ndi kuyankha mafunso sizioneka m'silaidi. Choncho pa kayankhulidwe alembe kuti "sizinachongedwe", ndipo malikisi awerengere pa 16. Kupereka ziro pamenepa ndi kulanga munthu asanalakwe, ndipo kumupatsa 3 chifukwa amadziwika kuti ndi wolongosola m'kalasi ndi kukondera.

Kenaka awerenge mitu ya masilaidi yokha, kuyambira woyamba mpaka wotsiriza. Ngati mituyo ikufotokoza nkhani yomveka payokha, ndiye kuti kasanjidwe kali bwino. Apa mphunzitsi akupeza kuti silaidi 2 yalonjeza mbali zitatu: zoyambitsa vutoli, zotsatira zake ndi njira zolithetsera. Zonse zitatu zilipo, koma silaidi yomaliza ikungoti "Zikomo", yopanda mfundo yomangira nkhani. Rubuliki ikuti malikisi onse 4 ndi a ntchito yokhala ndi chiyambi, thunthu ndi mathero, choncho akupeza 3.

Pa umboni ndi pamene pafunika maso akuthwa. Silaidi 4 ikuti mabanja ambiri am'tauni amaphikira makala, koma sikunena kumene mfundoyo yachokera. Silaidi 6 ili ndi galafu yopanda chaka ndiponso yosatchula chimene manambala ake akuyeza. Mfundo zake ndi zomveka ndipo sizikuchoka pa mutu, koma zikusowa pogwira, choncho akupeza 5 pa 8. Pa maonekedwe, silaidi 7 yadzaza ndi ndime yathunthu ya zilembo za saizi 12, zimene wokhala kumbuyo kwa kalasi sangaziwerenge. Apa akupeza 2, ndipo zonse pamodzi ndi 10 pa 16.

Malikisi okha saphunzitsa kanthu. Ndemanga yothandiza imatchula nambala ya silaidi, chimene chaoneka, mbali ya rubuliki imene chikukhudza ndi chimene wophunzira achite. Kulemba kuti "umboni ndi wochepa" kumangomusiya mwana wa eni m'malere. Koma mphunzitsi akalemba kuti, "Silaidi 4: mwanena kuti mabanja ambiri amaphikira makala, koma gwero palibe. Rubuliki ikufuna gwero pa mfundo iliyonse yaikulu. Onani lipoti la kalembera wa 2018 ndipo mulitchule m'munsi mwa silaidiyo," wophunzira amadziwa poyambira tsiku lomwelo. Zimene wachita bwino zitchulidwenso motero: "Silaidi 2 ikuuza omvera njira yonse ya nkhani yanu, muisunge."

Pali msampha umodzi umene umakola ngakhale aphunzitsi odziwa ntchito. Silaidi yabwino kawirikawiri imakhala ndi mawu ochepa, chifukwa zambiri zimanenedwa pakamwa. Wochonga masilaidi okha akhoza kuyesa kuti silaidi yodzaza ndi mawu ndiyo yozama, n'kudula malikisi a amene waika chithunzi ndi mzere umodzi. Chofunika kufunsa n'chakuti: kodi mfundo yaikulu ya silaidiyi ikumveka payokha? Ngati ikumveka, kuchepa kwa mawu si mlandu. Ngati sikumveka, mphunzitsi asalembe kuti "simukudziwa nkhaniyi", poti zimenezo alibe nazo umboni. Alembe kuti "silaidi 8 sikuonetsa mgwirizano wa chithunzichi ndi mutu wanu".

Wophunzira adziwenso kuti mawu amene walemba m'gawo la Notes mu PowerPoint saonekamo akatumiza PDF ya masilaidi okha. Mphunzitsi anene ntchito isanayambe ngati gawolo liwerengedwe kapena ayi.

Aphunzitsi, musanatumize ndemanga zanu ziwerengeninso imodziimodzi. Iliyonse imene simungathe kuiloza pa silaidi ndi pa rubuliki, ifufuteni.