Kuchoka pa choko kupita ku ofesi yoona za ogwira ntchito: sivi isinthe pati?

Mphunzitsi wa kwa Mfumu Yaikulu Kaphuka m'boma la Dedza akafuna kusiya choko n'kukalowa ntchito yoyang'anira anthu apantchito, chopinga choyamba chimakhala pepala lomwe iye mwini walemba. Sivi za aphunzitsi ambiri zimayamba ndi sukulu yomwe munthu anasulidwira, kenaka makalasi omwe waphunzitsa ndi chiwerengero cha ana omwe anakhoza mayeso a Sitandade 8. Zonsezo n'zoona, koma wosankha makalata ku kampani kapena ku bungwe akufufuza china: kodi munthuyu anayang'anirapo akuluakulu anzake, kusunga mafayilo awo ndi kuweruza madandaulo awo?

Tiyerekeze mayi yemwe waphunzitsa zaka 12 pasukulu ina yapulaimale m'derali, ndipo zaka 4 zomalizazo wakhala wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu. Pasivi yake yakale, udindo umenewu uli pamzere umodzi wokha wonena kuti amathandiza mphunzitsi wamkulu kuyendetsa sukulu. Mzere wotero suuza wowerenga kanthu, chonsecho ntchito yonse yomwe olemba ntchito akuifuna yabisala momwemo.

Mayiyu ayambe walemba papepala lapadera zonse zomwe amachita zokhudza anzake apantchito, osati ana. Ndiye amasunga buku losainira aphunzitsi 16 akafika m'mawa, ndipo amatsatira amene wajomba. Ndiye amagawa makalasi teremu ikamayamba, amalandira makalata opempha tchuthi, ndiponso amakonza malipoti a aphunzitsi opita ku ofesi ya maphunziro ku boma. Wakhala akulangiza aphunzitsi omwe akuphunzira ntchito, ndipo anakhala nawo pomwe komiti ya sukulu inkafunsa mafunso anthu ofuna ntchito yaulonda.

Chilichonse mwa izi chisanduke mzere wakewake m'Chingerezi, wotchula chomwe anachita ndi chiwerengero cha anthu. Mzere wakale uja ulowedwe m'malo ndi mizere yonga iyi: anasunga kaundula wa kabweredwe ndi tchuthi cha aphunzitsi 16, analangiza ndi kuyesa aphunzitsi 6 ophunzira ntchito, anasankha nawo mlonda mmodzi mwa ofunsira 9. Ziwerengerozi azitenge m'mabuku a sukulu, osati m'mutu, chifukwa pa mafunso adzauzidwa kuti afotokoze. Mizere imeneyi ikhale pamwamba, ndipo za kalasi zitsike n'kutsala mizere iwiri. Sivi yonse isapitirire masamba awiri.

Chomwe sayenera kukhudza ndi dzina la udindo wake. Ena amadzilemba kuti anali oyang'anira ogwira ntchito pasukulu, koma udindo wotero kusukulu yapulaimale kulibe, ndipo bodzalo limaululika olemba ntchito akangoimbira foni mboni. Mboni zabwino kwa mayiyu ndi mphunzitsi wamkulu ndi mlangizi wa maphunziro wa zoni yake, popeza ndiwo anamuona akuyendetsa anthu.

Pali mpata womwe mawu okoma sangatseke. Mphunzitsi wa boma sawerengera malipiro a anzake, ndipo salemba kapena kuchotsa mphunzitsi, pakuti zimenezo zimachitikira kumaofesi a pamwamba. Ku kampani, izi ndi ntchito za tsiku ndi tsiku. Wofunsira ayenera kudziwa lamulo la ntchito la 2000, lomwe limapatsa wogwira ntchito masiku 6 pasabata tchuthi cha masiku 18 pachaka, ndipo wogwira masiku 5 limamupatsa masiku 15. Adziwenso kuti ku penshoni wolemba ntchito amasonkha K10 pa K100 iliyonse ya malipiro pomwe wantchito amasonkha K5, komanso kuti munthu sachotsedwa ntchito pa mlandu asanapatsidwe mwayi wodziteteza.

N'chifukwa chake satifiketi kapena dipuloma ya kayendetsedwe ka ogwira ntchito iyenera kukhala pamwamba pa satifiketi yauphunzitsi. Ngati maphunzirowo sanathe, alembe kuti akuphunzirabe ndi chaka chomwe adzamalize. Ngati amatha kugwiritsa ntchito Excel, anene chomwe amapangira, monga kaundula wa tchuthi uja, osangoti amadziwa kompyuta.

Sivi ikatha, aipereke kwa munthu yemwe sagwira ntchito kusukulu kuti awerenge theka la tsamba loyamba, kenaka amufunse ntchito yomwe mwini pepalalo akufuna. Akayankha kuti yauphunzitsi, ndiye kuti za kalasi zachulukabe. Chizindikiro china ndi kutumiza makalata ambiri osaitanidwa ku mafunso: pamenepo vuto lingakhale udindo womwe akufunsira. Zaka 12 za m'kalasi sizimawerengedwa ngati zaka za mu ofesi yoona za ogwira ntchito, choncho khomo lolowera ndi udindo wa wothandizira, osati wa bwana wa nthambi yonse.