Kalata ya aphunzitsi: samu yomwe ilibe yankho

Mtsikana wina wa Folomu 2 analemba kuti 12 ÷ 0 = 0, aphunzitsi ake nkumuthetha. Pokonza analemba 12, koma anamuthethanso. Poona kuti mwanayo wayamba kugwa ulesi ndi masamu, aphunzitsiwo anamulembera kalata, ndipo mfundo zake n'zothandiza ngakhale kwa makolo amene tinangoloweza lamuloli osadziwa chifukwa chake.

Kalatayo ikuyambira pa samu yosavuta. "Mwanawe, ukamati 12 ÷ 3 = 4, umadziwa bwanji kuti wakhoza? Umachulukitsa 4 ndi 3, n'kupeza 12. Yankho lililonse la samu yogawa liyenera kukubwezera nambala yomwe unayamba nayo."

Kenako akumuuza kuti ayese mayankho ake awiri aja. Ziro kuchulukitsa ndi ziro, yankho ndi ziro. Nayonso 12 kuchulukitsa ndi ziro, yankho ndi ziro yemweyo. Angayese 100 kapena 1,000,000, chotuluka sichisintha, ndipo 12 sapezeka. Apa m'pamene pagona nkhani: sikuti yankho ndi lovuta kulipeza ayi, koma kuti kulibe nambala yotero.

Chomwe chandikomera m'kalatayi n'chakuti aphunzitsiwa anazindikira pomwe mwanayo ankasokonezeka. Iye ankaganiza kuti kugawa ndi ziro n'chimodzimodzi kusagawa, choncho zinthu zitsala momwe zinalili. Iwo akumupatsa chitsanzo cha mango 12 oika pa miulu. Mulu uliwonse ukakhala wa mango atatu, miulu ikwana inayi ndipo dengu litsala lopanda kanthu. "Nanga mulu uliwonse ukakhala wopanda bango ngakhale limodzi, uika miulu ingati kuti dengu lithe? Dzuwa lilowa, mango onse 12 akadali momwemo."

Akumuchenjezanso kuti asasokoneze samuyi ndi 0 ÷ 12. Imeneyo ili ndi yankho, lomwe ndi ziro, chifukwa ziro kuchulukitsa ndi 12 kumabweza ziro. Koma 0 ÷ 0 ili ndi vuto lakelake: 5 akukwanira, 9 akukwaniranso, nambala iliyonse ikukwanira, ndiye palibe imodzi yoti n'kuiloza. Ngakhale katswiri wa masamu wa ku India, Brahmagupta, m'buku lake la m'chaka cha 628 analemba kuti yankho lake ndi ziro, zomwe akatswiri a pambuyo pake anazikana. Mwana wopunthwa pamenepa si mbuli.

Kumapeto akumukonzekeretsa za mayeso. Akakumana ndi 1 ÷ (x − 3), ayang'ane nambala yomwe ingasandutse chogawiracho kukhala ziro. Pano x sangakhale 3.

Makolo, mwana akakufunsani za 12 ÷ 0, musangoti ndi lamulo. Mpatseni pensulo afufuze nambala yomwe kuichulukitsa ndi ziro ingabweretse 12, mpaka aone yekha kuti kulibe.