Katundu wa m'shopu akapsa kapena kulowa madzi: kutumiza kuleimu pa imelo

Wa inshulansi amalipira potengera mapepala amene ali nawo pa tebulo. Anthu awiri akhoza kutaya katundu wofanana pa mvula imodzi, wina n'kulandira ndalama msanga, wina n'kumangouzidwa kuti adikire. Kawirikawiri kusiyana kumakhala pa zimene aliyense anatumiza, ndi tsiku limene anatumiza. Tiyerekeze ndi golosale ya ku Limbe imene madzi alowa usiku n'kunyowetsa shuga, ufa, mpunga ndi sopo.

Yambani mwawerenga chikalata chanu

Inshulansi ya moto sikuti nthawi zonse imakhudzanso madzi osefukira. Nthawi zambiri madzi, mphepo ndi zipolowe zimachita kuwonjezedwa pa mgwirizano, ndipo zimalembedwa pa tsamba limene pali dzina lanu, malo a shopu ndi ndalama imene munaikira katundu. Onaninso ngati katundu wogulitsa ali ndi mzere wakewake, chifukwa inshulansi ya nyumba yokha silipira zam'kati.

M'chikalata chomwecho muli masiku amene mwapatsidwa. Kudziwitsa kampani kumafunika nthawi yomweyo, pamene pa mndandanda wonse wa zowonongeka makampani ambiri amapereka masiku 30, ena ocheperapo. Migwirizano ina imalamulanso kuti katundu azikhala pa mathandala, osagunda pansi. Ngati matumba anali pa simenti, funso limeneli lidzabwera.

Imelo yoyamba: yaifupi, ya tsiku lomwelo

Imbani foni, koma musathere pomwepo. Foni sisiya umboni, pamene imelo imasunga tsiku ndi ola limene munadziwitsa. Tumizani ku adiresi ya makuleimu imene ili pa chikalata, ndipo ngati munadzera kwa buloka, muikeni pa CC. Mutu wake ukhale woti wolandira adziwe nkhani asanatsegule:

```
Claim notification - flood damage to stock - Policy No. [nambala]
```

M'kati lembani dzina la bizinesi, malo, tsiku ndi nthawi ya ngozi, chimene chinachitika m'mizere iwiri kapena itatu, ndi nambala ya foni. Pemphani zinthu zitatu: fomu ya kuleimu, nambala ya kuleimu, ndi tsiku limene asesa abwere kudzaona. Mukatchula ndalama, nenani kuti n'zongoyerekeza, kuwerenga kukadali m'kati. Ngati ndi moto ndipo simukudziwa chimene chinauyambitsa, musalembe zoganizira. Mawu akuti mwina ndi waya akhoza kudzakusowetsani mtendere asesa akapeza zina.

Musataye kanthu asesa asanabwere

Shuga wonyowa amanunkha, ndipo mtima umafuna kukolopa n'kutsegula shopu. Jambulani kaye: chipinda chonse, mzere wa matope pa khoma wosonyeza pamene madzi anafika, kenako mulu uliwonse moti zilembo za pa makatoni zizioneka. Katundu wabwino msamutseni kuti asanyowe, pakuti mgwirizano umafuna kuti inu muchepetse chiwonongeko. Wowonongekayo muunjike payekha. Ngati chakudya chayamba kuwola moti sichingadikire, pemphani chilolezo chotaya pa imelo, ndipo a zaumoyo a khonsolo akalamula kuti chitayidwe, tengani kalata yawo. Pa ngozi ya moto, pezaninso lipoti la apolisi ndi la ozimitsa moto.

Kutsimikiza katundu amene analipo

Katundu wogulitsa amawerengedwa pa mtengo umene munaodera, osati umene mumagulitsira. Phindu limene mukanapeza lili ndi inshulansi yake ina. Choncho mndandanda wanu ukhale ndi dzina la katundu, kuchuluka kwake, mtengo woodera, ndi nambala ya invoisi.

Nanga mabuku akanyowa kapena kupsa? Asesa amawerenga chobwerera. Tinene kuti pa kuwerenga katundu komaliza munali wa K18 miliyoni. Kuchokera pamenepo munaoda wa K6 miliyoni, ndipo munagulitsa ndalama zokwana K5 miliyoni. Ngati mumaonjezera K25 pa K100 iliyonse yoodera, katundu wogulitsidwayo munamugula K4 miliyoni. Ndiye kuti tsiku la ngozi m'shopu munali katundu wa K20 miliyoni. Umboni wa manambala amenewa umapezeka kunja kwa shopu: makope a mainvoisi kwa amene mumaodako, sitetimenti ya kubanki, ya Airtel Money kapena Mpamba, ndi mafomu a msonkho amene munapereka ku MRA.

Imelo yachiwiri: umboni wokonzedwa bwino

Yankhani pa imelo yoyamba yomwe ija kuti nkhani yonse ikhale pamodzi, ndipo onjezerani nambala ya kuleimu pa mutu. Fomu yosainidwa, malipoti ndi mainvoisi zikhale PDF, fayilo iliyonse ndi dzina lonena chimene chili m'kati. M'imelomo lembani mndandanda wa zonse mwatumiza, kuti pasadzakhale zoti china sichinafike.

Gmail salola mafayilo opitirira 25 MB pa imelo imodzi, ndipo makampani ena amalandira ochepera pamenepo. Zithunzi zigaweni m'maimelo angapo, n'kulemba kuti iyi ndi yoyamba mwa atatu. Imelo kukhala mu Sent sikutanthauza kuti yafika: onani ngati sinabwerere, ndipo pemphani yankho lovomereza kuti alandira. Mapepala enieni ndi zithunzi za mu foni musunge, pakuti zithunzi zodzera pa WhatsApp zimachepa mphamvu ndipo nthawi zambiri zimataya tsiku limene zinajambulidwa.

Chifukwa chake ndalama imabwera yochepa

Mu golosale ija katundu wowonongeka ndi wa K8 miliyoni. Asesa wapeza kuti sopo ndi zam'zitini zikhoza kugulitsidwabe motchipa pa K1 miliyoni, ndiye zotayika zenizeni ndi K7 miliyoni. Koma mwini shopu anaikira katundu wake K15 miliyoni pamene m'shopu munali wa K20 miliyoni. Apa pamalowa lamulo la avaleji: popeza analipirira magawo atatu mwa anayi a katundu, amalandiranso magawo atatu mwa anayi a zotayika, zomwe ndi K5,250,000. Pomaliza amachotsa ekisesi, gawo limene mwini amasenza yekha. Ngati mgwirizano ukunena K10 pa K100 iliyonse, akuchotsa K525,000, n'kutsala K4,725,000.

Avaleji imagwira anthu ambiri mitengo ikakwera. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mashelefu omwewo anakhala a ndalama zambiri, pamene nambala ya pa chikalata sinasinthe kwa amene sanaikweze. Kukweza manambala a zowonongeka kuti mubweze kusiyanako ndi msampha: kampani ikapeza bodza pa mzere umodzi, mgwirizano umailola kukana kuleimu yonse.

Mukapatsidwa ndalama imene simukugwirizana nayo

Kampani imatumiza fomu yoti musaine kuvomereza kuti nkhani yatha. Musanasaine, pemphani pa imelo masamu onse: mtengo umene aika pa katundu, zimene achotsa, ndi ndime ya mgwirizano imene atsamira. Mukaona cholakwika, yankhani mzere ndi mzere, invoisi ili pambali. Zikakanika, lembani dandaulo kwa akuluakulu a kampaniyo, ndipo ngati yankho silikukhutiritsani, ku Malawi nkhani zotere zimapita ku ofesi ya Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi. Kumeneko adzafuna chikalata cha inshulansi, kalata imene kampani inakuyankhani, ndi maimelo onse kuyambira ya tsiku loyamba.