Manambala asanu ndi imodzi amene foni imapanga yokha

Yesani izi ngati muli ndi pulogalamu ya Google Authenticator kapena Microsoft Authenticator m'foni: zimitsani intaneti, chotsani ngakhale simukhadi, kenako tsegulani pulogalamuyo. Manambala asanu ndi imodzi aja akhala akusinthabe pa masekondi 30 alionse, ndipo mukawalemba pa kompyuta polowa mu imelo yanu, alandiridwa. Anthu ambiri amaganiza kuti pali wina amene amatumiza manambalawa ngati momwe banki imatumizira meseji. Palibe amene amatumiza. Foni imawerengera yokha, kompyuta ya kampani ija nayonso imawerengera yokha kutsidya uko, ndipo mayankho amafanana chifukwa ziwirizi zagwirizana pa zinthu ziwiri, kiyi wachinsinsi ndi nthawi.

Kiyiyo amaperekedwa kamodzi kokha, tsiku loyamba lija pamene webusaiti inakuonetsani kachidindo ka QR nimukajambula ndi kamera ya foni. M'kachidindomo mumakhala mzere wa zilembo wonga uwu:

```
otpauth://totp/Dzina?secret=GEZDGNBVGY3TQOJQGEZDGNBVGY3TQOJQ
```

Zilembo zobwera pambuyo pa `secret=` ndiye kiyi. Amalembedwa ndi zilembo A mpaka Z ndi manambala 2 mpaka 7 okha. 0 ndi 1 mulibemo, choncho munthu wolemba pamanja sangazisokoneze ndi O kapena I. Foni imasunga kiyiyo, kampani imasunganso wake wofanana naye ndendende, ndipo kuchokera tsikulo kiyi sadutsanso pa intaneti. Apa m'pamene pagona mphamvu yonse ya njirayi.

Nthawi nayo ili ndi kawerengedwe kake. Makompyuta amawerenga masekondi onse amene adutsa kuchokera pakati pa usiku wolowa pa 1 Januwale 1970, pa nthawi ya dziko lonse yotchedwa UTC. Pulogalamu imatenga chiwerengero chimenechi, n'kuchigawa ndi 30, n'kutaya zotsala. Chotuluka ndi nambala imene imakhala chikhalire kwa masekondi 30, kenako n'kukwera ndi imodzi. Mwachitsanzo, pa 13 Febuluwale 2009, nthawi ili 23:31:30 UTC, masekondi anakwana 1234567890, ndipo kugawa ndi 30 kunapereka 41152263. Ku Lilongwe kunali kutalowa kale tsiku la 14, wotchi ili pa 01:31:30, chifukwa Malawi ali patsogolo ndi maola awiri, koma nambalayo inali imodzimodzi ku Lilongwe, ku London ndi ku Tokyo. N'chifukwa chake munthu akakwera ndege kupita kunja, manambala ake sasokonekera.

Tsopano kiyi ndi nambala ya nthawi zimalowa limodzi m'masamu otchedwa HMAC-SHA-1. Masamuwa ali ngati chigayo: chimanga chimalowa, ufa umatuluka, ndipo palibe angatenge ufawo n'kuubweza kukhala chimanga. Zolowa zikafanana, chotuluka chimafanana nthawi zonse. Koma nambala ya nthawi ikangosuntha ndi imodzi, chotuluka chimasinthiratu chonse, moti amene waona nambala ya panopa sangalote yotsatira, ndiponso sangadziwe kiyi.

Tiyeni tione chitsanzo chenicheni, chimene olemba mapulogalamu amayesera ntchito yawo. Kiyi ali pamwambayo ndi wa mayeso, ndipo ukamumasulira ndi manambala `12345678901234567890`. Tinene kuti padutsa masekondi 59 okha chiyambire 1970. Kugawa 59 ndi 30 kumapereka 1. Kiyi ndi 1 ameneyu zikadutsa m'masamu aja, pamatuluka mabaiti 20, ndipo baiti iliyonse imalembedwa ndi zizindikiro ziwiri:

```
75 a4 8a 19 d4 cb e1 00 64 4e 8a c1 39 7e ea 74 7a 2d 33 ab
```

Palibe munthu angalembe zonsezi m'masekondi 30, ndiye ziyenera kufupikitsidwa, ndipo kafupikitsidwe kake ndimakakonda. Pulogalamu imayang'ana chizindikiro chomalizira, chomwe pano ndi `b`, kutanthauza 11 m'kawerengedwe ka makompyuta. Imawerenga mabaiti kuyambira pa 0 mpaka kufika pa 11, n'kutapa anayi kuchokera pamenepo: `c1 39 7e ea`. Kachidutswa koyambirira kwenikweni ka baiti yoyamba kamafufutidwa kuti makompyuta ena asaione nambalayo ngati yochepera ziro, ndipo `c1` amasanduka `41`. Mabaiti anayiwo, m'manambala athu a masiku onse, ndi 1094287082. Manambala asanu ndi imodzi akumapeto, 287082, ndiwo amaoneka pa foni. Sekondi ya 60 ikangokwana, nambala ya nthawi imakhala 2, ndipo foni imaonetsa 359152.

Njirayi si ya kampani imodzi. Inalembedwa poyera mu 2011 m'chikalata chotchedwa RFC 6238, pansi pa dzina la TOTP, ndipo inamangidwa pa ina ya 2005 yotchedwa HOTP, imene inkawerenga kuti batani ladinidwa kangati m'malo moyang'ana wotchi. Ndiye chifukwa chake kachidindo kamodzi kamagwira m'mapulogalamu osiyanasiyana.

Vuto limene anthu amakumana nalo kawirikawiri ndi wotchi. Pali abale athu amene amapititsa dala wotchi ya foni patsogolo ndi mphindi zisanu kuti asamachedwe ku ntchito. Mphindi zisanu ndi masitepe khumi a masekondi 30, pamene makampani ambiri amalola kuphonya kwa sitepe imodzi yokha, kutsogolo kapena kumbuyo, kuchitira munthu wolemba pang'onopang'ono. Foni yotere imapanga manambala olondola a nthawi imene sinafike, ndipo amakanidwa onse. China chobisika kwambiri ndi ichi: foni ikhoza kuonetsa 10:00 molondola pomwe inaikidwa pa chigawo cha nthawi cha dziko lina, mwini wake n'kungokonza maola pamanja. Pamaso wotchi ili bwino, koma m'kati UTC yaphonya ndi maola athunthu. Chizindikiro chake n'chakuti manambala a maakaunti onse amakanidwa nthawi imodzi. Mankhwala ake ndi kulowa m'makonzedwe a foni ndi kuilola kuti izitenga yokha nthawi ndi chigawo kuchokera pa netiweki. Akakanidwa a akaunti imodzi yokha, wotchi ilibe mlandu. Mwina mwasankha mzere wa akaunti ina, kapena munajambulanso kachidindo katsopano n'kumagwiritsabe kiyi wakale.

Poyerekeza ndi meseji, njirayi imateteza bwino kwa akuba amene amanyengerera kampani ya foni kuti iwapatse simukhadi ya nambala yanu, pakuti kiyi sakhala pa simukhadi. Koma malire ake alipo, ndipo ndikufuna muwadziwe. Aliyense amene ali ndi chithunzi cha kachidindo kaja ali ndi kiyi wanu, ndipo foni yake idzapanga manambala ofanana ndi anu mpaka kalekale inu osadziwa. Musakasunge m'zithunzi za foni, musakatumize pa WhatsApp. Komanso wakuba akakuimbirani ngati wa ku banki, kapena akakutsogolerani ku webusaiti yabodza, inu n'kumupatsa manambala a panopa, masekondi 30 amamukwanira kulowa. Masamu sangadziwe kuti walemba ndani.

Foni ikabedwa kapena kugwera m'madzi, kiyi amapita nayo, pokhapokha pulogalamu yanu ikhale yosunga makiyi pa intaneti, monga Google Authenticator inayambira kuchita mu 2023. Tsiku loyamba lija, mawebusaiti ambiri amaperekanso manambala apadera olowera pangozi, iliyonse yogwira kamodzi kokha. Alembeni papepala, muliike pamene mumasunga masatifiketi a sukulu ndi makalata a malo, ndipo mukagula foni yatsopano, samutsani makiyi musanafufute kapena kugulitsa yakaleyo.