Belo Likasokedwa, Lisiyeni Lipite

Lero ndikufuna ndilankhule ndi munthu amene si waulesi ayi, amalawirira kuposa anzake, koma ntchito yake siitha. Akamaliza amayambanso. Anthu amamuyamikira kuti ndi wosamala, pamene mkati mwake akudyedwa ndi mantha.

Titenge chitsanzo cha fodya wa bale, poti kwathu kuno ndi amene timamudziwa. Bambo wina wachotsa fodya m'chigafa, wasankha bwinobwino: masamba a pansi paokha, a pakati paokha, a kunsonga paokha, ong'ambika ndi akuda pambali. Wadinda mabelo anayi ndi jeke, wasoka chiguduli. Usiku tulo osabwera. Mtima ukuti, bwanji ngati mwalowa nthenga ya nkhuku kapena kapulasitiki, belo n'kukabwezedwa ku okushoni ku Kanengo anthu akuona? M'mawa akumasula belo loyamba.

Tsono tamverani zimene zimachitika. Fodya wouma amafuna kugwiridwa akafewa ndi chinyezi. Nyengo ikamapita kochita mphepo, tsamba limauma gwa, ukaligwira limathetheka. Kumasula koyamba, zinyenyeswa pansi. Kachiwiri, masamba aatali aja aduka, sikelo yatsika. Poona kuti akuthetheka, bambo aja awaza timadzi kuti afewe, adindanso, ndipo mkati mwa belo muyamba nkhungu. Belo limene linali labwino Lolemba, pofika Loweruka lasanduka lija ankaliopa. Galimoto ya kalabu yanyamuka, ngongole ya feteleza ikudikira, mwana wabwezedwa fizi. Mwamva? Sanalakwe posankha ayi. Chawononga fodya ndi kubwereza.

Wina afunsa kuti, abusa, ndiye tizigwira ntchito mwa mgwazo? Ayi. Kusamala ndi mantha zimasiyana, ndipo mukhoza kuzisiyanitsa nokha. Wosamala akabwerera pa ntchito amatha kutchula chimene akukafuna: ndinaona chingwe cha pulasitiki chikugwera m'belo lachitatu. Akachichotsa, nkhani yatha, amakagona. Wamantha mukamufunsa chimene akufuna, amangoti mtima sukukhazikika. Akaunika amapepukidwa pang'ono, mwina mpaka madzulo, kenako nkhawa ija yabweranso. Kupepukidwa kwa kanthawi kuja ndiye nyambo. Mtima umaphunzira kuti mankhwala a nkhawa ndi kumasula belo, ndiye mawa udzapemphanso.

Pa Mateyu 25, Yesu anakamba za kapolo amene analandira talente imodzi n'kukaikwirira. Timakonda kumunena ulesi, koma mverani chifukwa chimene anapereka yekha: anaona mbuye wake ngati munthu wouma mtima, nachita mantha. Muzu uli pamenepo. Ambiri a ife tinakula ndi kholo kapena mphunzitsi amene ukakhoza zisanu ndi zinayi amangofunsa za chimodzi chotsalacho. Takula, nkhope ija taiveka Mulungu. N'chifukwa chake mlongo wina amabwera kutsogolo Lamulungu lililonse kudzalandiranso Yesu, poganiza kuti pemphero la sabata yatha sanalinene bwino. Mlongo wanga, chimene chinakupulumutsani ndi magazi a Yesu, osati kusanja bwino kwa mau anu. Aleluya!

Taonaninso pa Genesis 1. Mulungu akalenga chinthu ankachiyang'ana, n'kuona kuti chili bwino, n'kupita pa china. Sitiwerenga kuti Lachinayi anabwerera kukaphwasula za Lachitatu. Iye amene akanatha kuwonjezera mpaka kalekale anaika malire, napumula.

Nanunso ikani malire musanayambe, mtima usanatenthe. Nenani kuti belo ili latha ngati mtundu ndi umodzi, utali ukufanana, mulibe chinyalala, ndipo silinanyowe. Unikani kamodzi nokha. Kachiwiri itanani mnzanu wa m'kalabu wodziwa fodya, kapena amayi a kunyumba, aone ndi maso ena. Akati lili bwino, sokani, lembani nambala, lichoke pakhomo. Nkhawa ibwera ndithu usiku umenewo, sindikunamizani. Musaiyankhe ndi mpeni wodulira ulusi. Ikhaleni nayo, pempherani, imakwera kenako imatsika yokha, ndipo ulendo wotsatira imabwera yofookerako. Belo likabwezedwa, amakuuzani chifukwa chake, mukonza chomwecho basi, libwereranso pa msika.

Koma ngati zafika poti mumadzuka kakhumi usiku kukagwira chitseko ngati chatsekedwa, kapena mumasamba m'manja mpaka khungu kusupuka, ndipo ntchito ndi banja zaima, bwerani tipemphere nanu, komanso pitani kuchipatala mukafotokoze momwe mwamvera pano. Matenda amenewa madokotala amawadziwa, ndipo thandizo lake lilipo.